Ndithandizeni kufupikitsa zokambirana za pagulu lathu la maliro

Abale ndi alongo, asungichuma a bungwe lathu la maliro kuno ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, anali kumudzi ku Dedza, komwe foni sinkagwira. Abwerako, ndipo andipempha kuti ndiwalembere zinthu ziwiri zokha: zomwe tinagwirizana pa WhatsApp, ndi ntchito zomwe zatsala.

Mauthenga olembedwa ndawatulutsa ndi Export chat, koma mawu ojambulidwa aja satuluka ngati zolemba, pomwe apampando amakonda kujambula mawu. Ndiye ndikumvetsera umodziumodzi.

Pandivuta ndi apa. Wina anati chopereka cha pamwezi chikwere kuchoka pa madola 5 kufika pa 7. Ambiri anangoika chala chachikulu, awiri anakana, apampando osayankha, kenako nkhani inalowa kwa odwala. Kodi chimenechi ndilembe kuti chinamangidwa, kapena chikudikira msonkhano? Ine ndikuona ngati chala si voti.

Chinanso, za basi ya ku Mbudzi, dera lina la kuno ku Harare, aliyense anati “tifufuze mtengo”, koma palibe anatchulidwa dzina kapena tsiku. Alembi anzanga, ntchito yopanda mwini yotere mumailemba bwanji? Nanga mayina a okana aja ndiwatchule?