Celui ndi celle zandibalalitsa, ndithandizeni

Anzanga a Chifalansa, mawu awa celui, celle, ceux ndi celles andizunguza mutu. Ndamva kuti amalowa m'malo mwa dzina lomwe latchulidwa kale, ngati mmene timanenera kuti galimoto langa ndi la Paul osabwerezanso galimoto. Ndiye ma voiture et celle de Paul, poti voiture ndi dzina lachikazi. Apo palibe vuto.

Koma dzulo ndinalemba mes chaussures et ceux de ma sœur, aphunzitsi anadula ndi cholembera chofiira nkulemba celles, akuti tiziona nsapatozo osati mwini wake, chabwino ndavomera, nanga mayina akasakanikirana, monga les livres et les revues, nditenge ceux basi?

China, ndinayankha kuti je préfère celui nkusiyira pompo, anati chiganizo chapelewera, pamafunika -ci, -là, de kapena qui ndi que pambuyo pake. Ndiye mu shopu ndikaloza malaya awiri, celui-ci ndi apafupi, celui-là apatali eti? Nanga bwanji mu mafilimu ndimangomva celui-là ngakhale chinthu chili m'manja? Mayeso ali Lachisanu abale.