Akufuna digiri, ine ndili ndi dipuloma ndi zaka 9 pantchito

Nabanda: Alangizi anzanga, bungwe lina likufuna woyang'anira pulojekiti ya soya ndi mtedza kuno ku Mchinji. Alemba kuti digiri ya zaulimi "or equivalent", komanso zaka 3 pantchito. Ine ndili ndi dipuloma ya zaulimi ya ku koleji ya Mwimba ndipo ndagwira ntchito ndi makalabu a ku Mkanda zaka 9. Nditumize kalata kapena ndingotaya nthawi?

Chikondi: Tumizani achemwali. Za mapepala ndi za m'boma, mabungwe amayang'ana luso.

Bambo Phiri: A Chikondi, za bomazo mwalondola, kumeneko akati digiri ndi digiri basi. Koma mabungwe sali chimodzimodzi onse. Mayi Nabanda, taonani mawu otsatira pamenepo. Ngati akunena za pepala lina lofanana ndi digiri, zaka zanu sizilowapo. Ngati atchula luso, khomo ndi lotsegula. Chimene chikundikayikitsa n'choti zaka 3 azilemba padera, ngati kuti akufuna zonse ziwiri.

Nabanda: Palibe china chotsatira bambo, pathera pomwepo.

Bambo Phiri: Ndiye afunseni tsiku lotseka lisanafike, ndipo mulembe imelo, osaimba foni, kuti yankho mukhale nalo m'manja. Musafunse kuti "ndingayese?" chifukwa aliyense amamuyankha kuti yesani. Funsani motere: kodi munthu wa dipuloma ya zaulimi ndi zaka 9 mumuika pa mndandanda wa oitanidwa ku intaviyu? Nthawi zina amene amaika lamulo la digiri ndi wopereka ndalama za pulojekitiyo, ndipo zikatero ngakhale bwana wa bungwelo atakufunani bwanji sangalisinthe. Funso limeneli limaulula zimenezo msanga.

Mayi Jere: Bwanji osapita ku TEVETA? Mlamu wanga anamuyesa luso n'kumupatsa satifiketi asanalowepo m'kalasi.

Bambo Phiri: Imeneyo ndi njira ya ntchito zamanja monga ukalipentala ndi zomangamanga, mayi. Digiri situlukako.

Gondwe wa ku Santhe: Ine chaka chatha anandiyankha kuti nditumize, koma sanandiitane. Nditafufuza ndinamva kuti wosankha makalata anayamba wapatula onse opanda digiri asanawerenge n'komwe.

Bambo Phiri: N'chifukwa chake yankho lawolo mulitchule m'chiganizo choyamba cha kalata, ndi tsiku limene anakuyankhani. Kenako musangoti zaka 9. Ntchito ya woyang'anira ndi bajeti, malipoti ndi kutsogolera anthu, osati kuyendera minda kokha. Lembani makalabu angati, alimi otsogolera angati amene ankapereka malipoti kwa inu, ndalama zingati zimene zinadutsa m'manja mwanu, ndipo bwana wanu wakale atsimikize m'kalata.

Nabanda: Bajeti sindinaigwirepo ndekha, ndinkangothandizira. Imelo ndilemba usiku uno. A Gondwe, inu munafunsa ku ofesi yolemba anthu ntchito kapena kwa mkulu wa pulojekiti?