Foni ikutentha ndipo batire silikudzadza pamene mwini wake akusewera gemu ili pa tchaja

Wophunzira Ntchito: Akuluakulu, ndikupempha nzeru pa foni imene yabwerera pa tebulo langa kachiwiri. Sabata yatha ndinaikamo batire latsopano chifukwa lakale linali litatupa, koma mwini wake akudandaula kuti foniyo ikutentha mpaka kuvuta kuigwira, ndipo akaisiya pa tchaja kwa ola lathunthu imangokwera ndi maperesenti asanu ndi limodzi. Ndasintha poti yotchajira ndi chingwe chomwe, ndipo mita yanga ikusonyeza mavoti 5 ndi maampu 1.8, zomwe kwa ine zikuoneka kuti zili bwino. Nditawafunsitsa, andiuza kuti amasewera gemu kapena kuonera vidiyo nthawi yonse imene foni ili pa tchaja. Kodi ndisinthe ayisi yotchajira, kachipangizo ka pa bolodi koyendetsa kutchaja kaja, kapena batire limene ndinaikali ndi lomwe lili ndi vuto?

Mlongo wa Mabatire: Achimwene, musaikhudze ayisiyo. Vuto ndi lakuti batire likulandira moto kwinaku likutulutsanso moto wopita ku gemuyo, ndiye kulowa ndi kutuluka kwa nthawi imodziko ndi kumene kukulitenthetsa. Auzeni agule tchaja yamphamvu kuposa imene ali nayo, kuti moto wolowa upose wotuluka.

Mkulu wa Benchi: Alongo anena zoona kuti ayisi isakhudzidwe, koma pa za kulowa ndi kutuluka ndikufuna ndikonzeko pang'ono, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri timasocherera. Batire silingalandire ndi kupereka moto pa nthawi imodzi. Chimene chimachitika n'chakuti moto wochokera ku tchaja umagawidwa mkati mwa foni: pulosesa, sikirini ndi netiweki zimayamba kutenga gawo lake, ndipo batire limalandira zotsala zokha. Mita yanu ya pa chingwe, achimwene, ikuwerenga moto wonse wolowa m'foni, osati umene ukufika ku batire, n'chifukwa chake ikukupatsani chithunzi chabwino pamene kasitomala akulira.

Tiwerengere limodzi. Mavoti 5 kuchulukitsa ndi maampu 1.8 ndi mawati 9. Foni ikakhala chete, sikirini itazima, pafupifupi mawati 8 amafika ku batire, ndipo pang'ono potsalapo pamasanduka kutentha mu ayisi pamene ikutsitsa mavoti 5 aja kuti afanane ndi a batire. Gemu yolemera ikhoza kudya mawati 4 kapena 5, kotero batire limatsala ndi theka kapena zosafika theka la zimene likanalandira. Ndipo mawati amene gemu yadyawo sapita kwina kulikonse, pafupifupi onse amasanduka kutentha m'kati mwa kabokosi kopyapyala kopanda chopemerera mphepo, momwe pulosesa ndi ayisi yotchajira zili pa bolodi imodzi, moyandikana ndi batire limene nalonso limafunda likamalandira moto.

Pali chinthu chachiwiri chimene chimaposa kugawana kuja. Foni ili ndi themisita imene imayeza kutentha kwa batire, ndipo batire la lithiyamu siliyenera kutchajidwa ndi mphamvu yonse likapitirira madigiri 45. Choncho foni imayamba yokha kuchepetsa moto wopita ku batire isanafike pamenepo, nthawi zambiri kuyambira cha m'ma 40, ndipo ikatentha kwambiri imasiyiratu kutchaja. Izi imachita mwadala pofuna kuteteza batire. Musanamasule chilichonse, yatsani debugging pa foniyo ngati ndi ya Android, muilumikize ku kompyuta imene ili ndi pulogalamu ya adb, ngati n'kotheka kudzera pa Wi-Fi kuti ikhalebe pa tchaja yake, ndipo mulembe izi:

```
adb shell dumpsys battery
```

Pa mzere wa `temperature` mukaona 412, ndiye kuti ndi madigiri 41.2. Yezani foni ili yozizira ndi yozima sikirini, kenaka muyezenso gemu itayenda kwa mphindi 15, uku mukuyang'anitsitsa mita yanu.

Wa Mashoti: Ine ndinakumanapo ndi yoteroyo mwezi wathawu. Inkatentha pakona ya kumwamba ngakhale nditaizimitsa kotheratu, ndipo nditathira sipiriti pa bolodi ndinaona akuuma msanga pa kapasita imodzi yaing'ono imene inali ndi shoti. Nditaichotsa, zonse zinatha. Ndikukulangizani kuti muyambire pamenepo.

Mkulu wa Benchi: Ntchito imeneyo munaigwira bwino, akulu, koma ndi matenda ena. Foni ya shoti imatentha ngakhale palibe chimene ikuchita, pamene iyi yatenthedwa ndi ntchito imene ikugwira. Mayeso a foni yozima sikirini aja ndi amene asiyanitse ziwirizi.

Wophunzira Ntchito: Ndayeza monga munanenera, ndipo ndagwiritsanso ntchito kapulogalamu kosonyeza moto wolowa m'batire. Batire lili pa maperesenti 30, sikirini itazima, mita inali pa maampu 1.8, kutentha kunali pa madigiri 33, ndipo m'mphindi 30 foni inakwera ndi maperesenti 20 popanda kutentha kodetsa nkhawa. Nditayatsa gemu ija, mita inakhalabe pa 1.8 koma wolowa m'batire unatsika kuchoka pa maampu 2 kufika pa 0.9. Chimene chandidabwitsa ndi chakuti patatha mphindi 15, kutentha kutafika pa madigiri 43, mita yeniyeniyo inatsika kufika pa 1.2, ndipo batire limalandira 0.2 yokha. Kumbuyo kwa foni, pafupi ndi kamera, sikunali kogwirika bwino ndi chala.

Mkulu wa Benchi: Mwaona magawo onse awiri ndi maso anu. Kutsika koyamba kuja, kumene mita sinakuone, ndi kugawana moto ndi gemu. Kutsika kwachiwiri, kumene mita nayo inakusonyeza, ndi foni imene yayamba kukana moto chifukwa cha kutentha. Apa ndi pamene ndikukayikira malangizo ogula tchaja yaikulu, pakuti pa gawo lachiwirili tchaja inali nayo mphamvu yokwanira, koma foni ndi imene simaitenga. Komanso foni imene inapangidwa kuti izilandira mawati 10 sidzatenga oposa pamenepo ngakhale muipatse tchaja ya mawati 65.

Mlongo wa Mabatire: Ndavomera kuti pa foni iyi tchaja yaikulu sithandiza, koma sinditaya mfundo yanga yonse. Ndaonapo makasitomala amene amatchajira pa poti yakale ya kompyuta, imene imapereka theka la ampu, kapena ndi chingwe chopyapyala chimene chimagwetsa mavoti, ndipo kwa iwo batire limatsika ndithu ali pa tchaja, chifukwa limayenera kuwonjezera pamene tchaja yaperewera. Amenewo tchaja yabwino imawathandiza. Chinanso, achimwene, onetsetsani kuti nambala ya kutenthayo ikusinthadi, chifukwa mabatire ena osakhala enieni amaikamo kachipangizo kosonyeza kutentha kumodzimodzi nthawi zonse, ndipo foni yotero imapitiriza kutchaja ngakhale batire likupsa.

Wophunzira Ntchito: Nambalayo imasintha, kuchoka pa 33 kufika pa 43, ndipo inabwerera pansi nditatseka gemu. Ndiwauza eni ake kuti azitchaja sikirini itazima ndi kuyamba kusewera foni itadzadza, ndipo ngati sangathe kudikira, achotse kavala wokhuthala uja, achepetse kuwala kwa sikirini, asamaiike pa pilo kapena pa bulangete. Ndiwachenjezanso kuti kutentha kwa tsiku ndi tsiku pamene batire lili pafupi kudzadza kumalikalambitsa msanga. Funso limene landitsalira ndi lakuti, kodi batire lakale lija linatupa chifukwa cha chizolowezi chomwechi?

Mkulu wa Benchi: N'zotheka kuti chinathandizira, koma sindingakutsimikizireni, pakuti batire limatupanso ndi ukalamba kapena kupangidwa molakwika. Apempheni abwere nayo pakatha miyezi itatu kuti muone ngati latsopanoli layamba kukankha chivundikiro cha kumbuyo.