Chonde ndithandizeni: p = 0.09, ndilembe kuti feteleza sanagwire ntchito?

Akuluakulu, ndikulemba lipoti la kafukufuku wanga wa chimanga ndipo pali pamene pandiimitsa mutu. Ndinayerekeza minda yothira feteleza kawiri ndi yothira kamodzi, timinda 12 mbali iliyonse. Yothira kawiri inaposa inzake ndi makilogalamu 400 pa hekitala, koma kompyuta yandipatsa p = 0.09, ndipo 95% CI, yomwe ndi malire a pamene kusiyana kwenikweni kungakhale, ikuchokera pa makilogalamu -70 kufika pa 870.

Mnzanga akuti ndingolemba kuti palibe kusiyana, poti p yapitirira 0.05. Ine mtima ukukana. Makilogalamu 400 ndi matumba 8 a makilogalamu 50, mlimi sangawataye amenewo! Mmene ndikuonera, malirewa akulola kuti mwina kuthira kawiri kumachepetsako zokolola pang'ono, mwinanso kumawonjezera matumba 17. Ndiye vutotu ndi kuchepa kwa timinda, osati kuti tapeza umboni woti feteleza wachiwiriyo ndi wopanda phindu. Ndikulakwitsa?

China: akutinso 0.09 ikutanthauza kuti mpata woti kusiyanaku kwangochitika mwamwayi ndi 9 pa 100. Ine ndinaphunzira kuti p imayamba yaganizira kuti kusiyana kulibe, kenako n'kutiuza kuti zotsatira ngati zangazi, kapena zoposa apa, zingatuluke kangati. Nanga m'lipotimo chiganizo chake ndichilembe bwanji kuti alangizi a zaulimi amve, koma osanama?