Za ekisire ya pachifuwa imene tabweza

Sisita munafunsa Lolemba: "Filimu ija ikuoneka bwinobwino, mwaibwezeranji?"

Tayiyang'ananso pa bokosi lowala, ndipo iyenera kujambulidwanso. Wodwalayo sanakoke mpweya mokwanira. Nthiti zakumbuyo zooneka pamwamba pa chotchinga chapakati pa chifuwa ndi mimba zangokwana 7, pamene timafuna 9 kapena 10. Mapapo akapanda kufutukuka chonchi, m'munsi mwake mumayera ngati muli chibayo, mtima nkumaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Adokotala angapereke mankhwala a matenda omwe palibe.

Wodwalayo anapendekekanso pang'ono: mafupa a kolala satalikirana mofanana ndi msana.

Akabwera, aime chifuwa chitagunda kaseti ya filimu, manja m'chiuno, mapewa kutsogolo, chubu chotulutsa cheza pa masentimita 180 kuchokera pa kasetiyo. Muyeserere naye kaye kukoka mpweya n'kuugwira musanadine batani. Ngati ndi mayi, mufunsenso za pathupi, poti aka n'kachiwiri kulandira cheza.