imapsync yabweza maimelo owerengedwa kukhala osawerengedwa

Wakumidirandi: Akuluakulu thandizeni, foni yanga sikupuma. Ndikusamutsa mabokosi a kasitomala wa ku Randburg kuchoka pa Courier kupita pa Dovecot. Lachisanu ndinakopera zonse ndi kusintha MX, Lolemba anthu anagwira ntchito pa seva yatsopano, usiku ndinabwereza kuti nditole zotsalira:

```
imapsync --host1 yakale --user1 info --passfile1 p1 \
  --host2 yatsopano --user2 info --passfile2 p2 --automap
```

M'mawa uno maimelo amene anawerenga dzulo adanso bii. Mayi wa maakaunti sakudziwa mainivoyisi amene wayankha kale.

Chingalawa: Bwanji osangogwiritsa rsync? Mu Maildir fulagi imakhala pa dzina la fayilo. Ikathera ndi `:2,S` ndiye kuti yawerengedwa, basi.

NaBanda_IT: Achimwene, palibe chawonongeka, imapsync imatero. Ukabwereza, sikoperanso maimelo amene alipo kale, koma mafulagi awo imawafananitsa ndi a seva yakale. Kumeneko imelo ija palibe anaitsegula, ndiye yafufuta `\Seen` ku yatsopano. `\Answered` ndi `\Flagged` za dzulo zapitanso chimodzimodzi. Tatsegulani bokosi limodzi: maimelo amene anafikira pa seva yatsopano MX itasintha ali bwinobwino, asokonekera ndi akale okha. Ngati zili choncho, vuto ndi lomweli. Anthu akangoyamba kugwiritsa ntchito seva yatsopano, muziwonjezera `--noresyncflags`.

Wakumidirandi: Ndaona, ndi akale okhadi. Nanga ndiwabweza bwanji?

NaBanda_IT: imapsync sisunga mmene mafulagi analili. Pokhapokha ngati muli ndi bakapu ya seva yatsopano ya dzulo madzulo.

Mjomba: Ine zinandionekera ku Germiston. Ofesi yonse inali pa POP3, zoti imelo yawerengedwa zinkangodziwika mu Outlook, pa seva zonse zosawerengedwa. Bwana anatsegula bokosi n'kuganiza kuti tamutumiziranso maimelo a zaka zonse. Tinakangana mpaka Eskom inatilanditsa pozimitsa magetsi.

Wakumidirandi: Awa ali pa IMAP onse, mjomba.

Chingalawa: rsync ikanakupulumutsani.

NaBanda_IT: Nayonso mukaibwereza anthu atawerenga, dzina la fayilo lasintha kale ku yatsopano, ndiye imabweretsa fayilo yakale ija pambali. Imelo imodzi kawiri. Komanso, achimwene, musayerekeze kuika `--delete2` pa imapsync panopa. Imachotsa ku yatsopano chilichonse chimene kulibe ku yakale, kutanthauza maimelo onse ofika kuyambira Lachisanu. Chilichonse muziyamba ndi `--dry`.

Mjomba: Onaninso mafoda. Courier imaika `INBOX.` kutsogolo, koma zimenezo imapsync imazindikira yokha. Chimene chimavuta ndi Outlook ikapanga `Sent Items` pambali pa `Sent`, munthu n'kumalira kuti zotumiza zasowa. Ine ndimayamba ndi `--justfolders --dry`.

Chingalawa: Ndi rsync kawiri ayi, mukaimitsa kaye Dovecot n'kukopera kamodzi.

Wakumidirandi: Ku seva yakale ndilibe SSH, aise, anandipatsa mapasiwedi a mabokosi okha. Bakapu ilipo ya Lamlungu usiku.

NaBanda_IT: Ya Lamlungu sithandiza, anawerenga Lolemba.