Ndithandizeni kukonza uthenga woitanira msonkhano wa chimanga

Mlembi wa kopaletivi: Moni nonse. Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi 58 kuno ku Mzuzu, mbali ya ku Luwinga. Tikufuna kugulitsa chimanga pamodzi ndipo wogula akuti abwera ndi galimoto ya matani 30, omwe ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Chaka chatha tinalonjeza matumba omwewa koma anafika 410 okha, ena osauma, mpaka wogula anatsitsa mtengo galimoto ili pakhomo. Uthenga ndalemba chonchi:

"Mamembala nonse mukuitanidwa ku msonkhano Loweruka likubwerali, 8 koloko m'mawa, ku shedi yathu. Tikambirana mtengo, wogula, mayendedwe ndi zina. Bwerani ndi chitupa cha unzika ndi buku la umembala."

Ndiwonjezerepo chiyani?

Bambo wa ku Ekwendeni: Alembi, ine ndakhala msungichuma zaka zingapo. Vuto lili pa ndondomeko yanuyo. Mukayamba ndi mtengo msonkhano wonse uthera pomwepo, chifukwa aliyense wamvako mtengo wake ku msika. Yambani ndi kuwerenga matumba. Aliyense abwere atalemba papepala manambala atatu: matumba amene wakolola, amene akusunga kuti adye mpaka akolole china, ndi amene akupereka. Asayine pamaso pa anzake. Matumba 190 anasowa aja, eni ake ambiri sanali abodza ayi. Munthu anangotchula zokolola zonse, atafika kunyumba mayi n'kumufunsa kuti ana adya chiyani mu Januwale. Choncho lembani kuti akambirane kaye pabanja.

Mukaphatikiza n'kupeza 450, musaitane ya matani 30. Amenewo ndi matani 22 ndi theka, ndipo muuzeni wogula zimenezo.

Mayi wa ku Chibavi: Bwanji aliyense angobwera nacho chimangacho tsiku lomwelo? Ine ndili ndi ngolo yobwereka, ndingathandize.

Bambo wa ku Ekwendeni: Ayi mayi, uwu ndi msonkhano, si tsiku losonkhanitsa. Mukapanda kugwirizana mtengo, wolipira ngolo yobwerera ndani? Abwere ndi chimanga chodzaza kapu, chotapa pakati ndi pansi pa thumba, osati chapamwamba chosankha.

Mnyamata wa ku Katoto: Kuuma sikovuta. Ingolumani, chikathetheka ndiye kuti chauma basi.

Bambo wa ku Ekwendeni: Achimwene, dzino limathandiza koma silikwanira. Ogula akuluakulu amafuna chinyezi cha m'ma 13 peresenti kapena kutsikirapo, ndipo amayeza ndi makina. Kuno kwathu ndi kuzizira ndi mvula yowaza ya mu Juni ija, chimanga chimathetheka ndithu koma chisanafike pamenepo. Funsani alangizi ngati angabwere ndi makina oyezera. Akapanda, tengani botolo lagalasi louma, thiranimo chimanga ndi mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimenecho chibwerere padzuwa. Pomwepo muonanso cha nankafumbwe ndi cha chuku, mwini wake akuona yekha, osadzakangana naye pa sikelo.

Mayi wa ku Mchengautuwa: Ine changa ndinathira kale Actellic, china chili m'matumba a PICS. Chimenechi mulandira? Nanga ndalama zidzabwera liti? Ine ndinatuluka m'gulu lina chifukwa tinadikira milungu isanu fizi ya mwana ikudikira, mavenda akudutsa ndi sikelo pakhomo tsiku lililonse.

Mlembi wa kopaletivi: Mayi mwandikumbutsa chachikulu. Za mankhwalazo ndimufunsa wogula lisanafike Loweruka. Tsiku lolipira ndiliika pa ndondomeko, komanso aliyense abwere ndi nambala ya Mpamba, Airtel Money kapena ya ku banki, ya dzina lofanana ndi la pachitupa.

Mnyamata wa ku Katoto: Mtengo musavutike nawo, boma limalengeza chaka chilichonse.

Bambo wa ku Ekwendeni: Umene Unduna wa Zaulimi umalengeza ndi woyambira, woti wogula asatsike kuposa pamenepo. Kukwera ndi mphamvu zanu. Alembi, fufuzani mitengo ya ogula atatu, ADMARC ngati yatsegula msika, muilembe pabolodi. Pambali pake lembani zochotsera pa thumba limodzi: thumba lenilenilo, onyamula, mlonda ndi gawo la kopaletivi. Munthu amve yomwe ilowe m'thumba mwake. Ndipo mawu oti "ndi zina" achotseni, ndi khomo lolowera nkhani za feteleza.

Mayi wa ku Chibavi: 8 koloko ndi kuzizira kuno? Azimayi timafika tatha ntchito zapakhomo. Ikani 9, mulembenso nthawi yothera. Uthengawo ukhalenso m'Chitumbuka, ndipo ukalengezedwe ku tchalitchi, si onse ali pa WhatsApp.

Mlembi wa kopaletivi: Ndasintha: 9 koloko mpaka 12 koloko. Tiyamba ndi matumba, kenako kuyeza kuuma, mtengo ndi zochotsera, tsiku lolipira, n'kumaliza ndi tsiku losonkhanitsa. Chatsala chimodzi: amene wasayina matumba 10 n'kubweretsa 4 timutani? Apampando akuti chindapusa.

Mayi wa ku Mchengautuwa: Chindapusa munthu mwana ali m'chipatala? Mukatero anthu azilemba matumba awiriawiri, galimotoyo simudzaidzaza.

Bambo wa ku Ekwendeni: Ife timalipiritsa pokhapokha ngati sanatiuze kusanatsale masiku atatu. Koma malamulo anu amati chiyani?

Mlembi wa kopaletivi: Buku la malamulo lili kwa apampando, ndikalitenga mawa.